Mbuzi ziwiri panjinga: kukonza mawu opemphera belo munthu amene wamangidwa koyamba

Mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira zamalamulo, anabwera kuno ku Ngabu patchuthi atanyamula homuweki imene inkamusowetsa tulo. Aphunzitsi ake anakonza khoti loyeserera, ndipo iye anapatsidwa mbali ya loya woimira woimbidwa mlandu. Anayenera kuimirira kwa mphindi 7 pamaso pa majisitireti wongoyerekeza ndi kupempha kuti munthu wake atuluke pa belo. Popeza ndinagwira ntchito yomasulira m'makhoti a kuchigwa kuno kwa zaka zambiri ndisanapume, anati, "Amalume, khalani apo pampando, mukhale majisitireti, mundimvere."

Mlandu anaupeka yekha, chifukwa anawalola kusankha za kwawo. Mnyamata wa zaka 23, wa kabaza wa njinga yakapalasa, amene kuno timati shapa, wagwidwa Lachiwiri m'bandakucha akulowera kumsika atamangirira mbuzi ziwiri m'dengu kumbuyo kwa njinga, alibe kalata ya amfumu. Mwini mbuzi, wa m'mudzi wina wapamtunda wa makilomita 9, wazizindikira kuti ndi zimene zinasowa m'khola mwake usiku womwewo, ndipo akuti zonse pamodzi ndi za K140,000. Mnyamatayo wauza loya wake kuti anangolembedwa ganyu ndi bambo wina amene anathawa ataona anthu. Sanamangidwepo chibadwire. Ali ndi mkazi ndi mwana wa miyezi 8. Amayi ake anabadwira kutsidya, m'boma la Mutarara ku Mozambiki, ndipo amalume ake akadali konko. Nyumba ya banjali inagwa ndi namondwe wa Freddy m'Malichi 2023, nasamukira kumtunda kumene amfumu ena anawapatsa malo. Lachinayi waonekera kukhoti, waukana mlandu, ndipo wapolisi woimira boma akuti belo ayi.

Mawu oyamba a mwana wa mlongo wangayo anayamba chonchi: "Olemekezeka a khoti, munthu wanga ndi wopalamula koyamba, ndi mphawi, ali ndi mwana wakhanda, ndipo mbuzizo anazinyamula mosadziwa kuti nzakuba. Ndikupempha khoti limumvere chisoni." Ndinamuimitsa asanafike pa chiganizo chachitatu, chifukwa m'mawu ochepawo anali atamupweteka kale munthu wake kawiri.

Poyamba, mawu oti "wopalamula koyamba" ndi a nthawi ina. Amayankhulidwa khoti likagamula kale kuti munthu ndi wolakwa, pamene loya akudandaula kuti chilango chichepe. Tsiku la belo palibe wopalamula aliyense. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 42, amati woimbidwa mlandu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Loya akanena yekha kuti "wopalamula koyamba", wavomera mlandu umene munthu wake wangoukana mphindi zochepa zapitazo. Ine monga womasulira ndinkaona nkhope za achibale zikugwa ndikamasulira mawu amenewa, chifukwa m'Chichewa ndi m'Chisena sabisika: kupalamula ndi kupalamula. Mawu oyenera ndi oti "sanamangidwepo", kapena "alibe mbiri ya mlandu uliwonse".

Kachiwiri, ananena pamaso pa woimira boma kuti mnyamatayo ananyamuladi mbuzizo. Mwina nzoona, mwinanso ndi mmene adzadzitetezere tsiku lozenga mlandu. Koma udindo wosonyeza amene anali ndi mbuzi ndi wa boma, ndipo woimbidwa mlandu ali ndi ufulu wokhala chete. Zimene zanenedwa popempha belo zimalembedwa m'failo. Bwanji uwapatse kwaulere chimene anayenera kukhetsera thukuta? Khoti silikuzenga mlandu wa mbuzi tsiku limeneli. Funso lake ndi limodzi: tikamumasula lero, chilungamo chidzasokonekera kapena ayi?

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amasochera, chifukwa amaganiza kuti belo ndi chifundo chimene umachita kupempha chogwada. Gawo 42(2)(e) la malamulo aakulu limati munthu womangidwa ali ndi ufulu womasulidwa, ndi belo kapena popanda belo, pokhapokha ngati zofuna za chilungamo zikulamula mwina. Tanthauzo lake nlakuti poyambira ndi ufulu, ndipo kusunga munthu m'chitokosi ndiko kumafunika chifukwa. Khoti la Suprimu linatsindika zimenezi pa mlandu wa Mvahe wa 2005. Kale makhoti ankafuna kuti woganiziridwa mlandu wakupha asonyeze yekha zifukwa zapadera zoti atulukire, koma chigamulo chimenechi chinati mtolo uli pa boma: ndilo liyenera kusonyeza kuti chilungamo chikufuna munthuyo akhalebe m'ndende. Ngati zili choncho pa mlandu wakupha, kuli bwanji pa mbuzi ziwiri? Chinanso, gawo 118 la lamulo la kazengedwe ka milandu limapatsa majisitireti mphamvu yopereka belo pa milandu ngati uwu, ndipo limati ndalama ya belo isakhale yopyola muyezo.

Komatu usapeputse mbuzi. Mwana wa mlongo wangayo anali ataika mlanduwu pa kuba wamba, kumene chilango chake chachikulu ndi zaka 5. Ndinamuuza atsegule gawo 281 la lamulo la milandu ndi zilango. Kuba ziweto kuli pakokha, chilango chake chimafika zaka 14, ndipo mbuzi, nkhosa ndi nkhumba zili m'gulu limodzi ndi ng'ombe. Woimira boma aliyense wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje amalidziwa gawo limeneli ngati dzina lake, chifukwa kuno chiweto ndiye banki ya munthu. Adzaimirira nkunena kuti munthu amene akuyang'anizana ndi zaka 14 ali ndi chifukwa chothawira. Loya amene sanakonzekere nambala imeneyo amangoti kakasi.

Zimene boma lingaope zinalembedwa kale m'lamulo la ndondomeko ya belo la 2000, ndipo ndi zinayi: kuti munthuyo athawa mlandu, kuti aopseza mboni kapena kuwononga umboni, kuti aika ena pachiswe kapena kupalamula mlandu ali kunja, ndiponso, pa zochitika zapadera zokha, kuti kutuluka kwake kusokoneza bata. Mawu onse opempha belo ndi mayankho a mantha anayiwa. Ndiye funso nlakuti, mfundo yoti sanamangidwepo ikuyankha mantha ati? Ikuyankha bwino achitatu, chifukwa palibe mbiri yosonyeza kuti ndi chizolowezi chake. Ikukhudzako pang'ono oyamba, chifukwa womangidwa koyamba, ngakhale atapezeka wolakwa pa mbuzi ziwiri zimene zapezeka zamoyo, sayembekezeka kulandira chilango chapamwambacho, chimene makhoti amasungira milandu yoipitsitsa. Koma ili ndi malire ake. Munthu amene sanamangidwepo sanapatsidweponso belo, choncho palibe mbiri yoti amabwera kukhoti akaitanidwa. Majisitireti wochenjera amadziwa kuti aliyense amene anathawapo belo analinso ndi tsiku lake loyamba.

Choncho mtima wa mlandu uwu ndi kuthawa, ndipo kuno kuchigwa nkhani ya kuthawa ili ndi fungo lakelake. Mozambiki yatizungulira. Ku Nsanje uwoloka Shire pabwato uli kutsidya, kumadzulo ukwera mapiri uli kutsidya, ku Marka ungoyenda wapansi. Anthu amalima uku nagona uko, amakwatirana, amapita kumaliro opanda pasipoti. Wophunzira wa m'tauni amakonda kunena kuti "munthu wanga alibe pasipoti, choncho sangatuluke m'dziko". Ukanena zimenezo ku Ngabu kapena ku Bangula, ngakhale mesenjala wa khoti amaseka. Mwana wa mlongo wanga anafuna kungobisa za amalume a ku Mutarara. Ndinamukaniza. Apolisi amafunsa za kwawo kwa munthu pomulemba sitetimenti, ndipo woimira boma akazitulutsa iwe utazibisa, mawu ako ena onse amasanduka okayikitsa. Loya saloledwanso kunamiza khoti. Njira yake ndi kuitchula wekha mfundoyo, kenako nkusonyeza kuti sikumusiyanitsa ndi anthu ena a m'chigwa chino. Kukhala ndi abale kutsidya kukanakhala chifukwa chokanira belo, ndiye kuti ufulu wa pa gawo 42 ukanathera pa Thabwa, osalowa nawo m'chigwa. Chimene khoti liyenera kuyeza ndi chimene munthuyo angataye akathawa: mkazi, mwana, dimba, njinga imene ndiyo khasu lake, komanso abale amene amuikira chikole.

Nkhani ya malo okhala nayo ili ndi msampha. Woimira boma amakonda kunena kuti woimbidwa mlandu alibe malo okhazikika. Pa mlandu wathu, failo ya apolisi yalemba mudzi wakale umene unakokoloka, ndipo wofufuza akapita kumeneko apeza mchenga. Kuyambira madzi osefukira a 2015, kenako Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, mabanja ambiri kuno ali ndi midzi iwiri: wakumtunda kogona ndi wakudambo kolima. Loya asadikire kuti afunsidwe. Anene mudzi watsopano, dzina la nyakwawa, gulupu, mfumu yaikulu, ndi chizindikiro chimene wapolisi angachipeze, monga mjigo kapena tchalitchi choyandikana nacho. Kalata ya amfumu yodindidwa imathandiza, koma si umboni woti munthu ndi wabwino. Ntchito yake ndi kutsimikiza kuti amakhala pamenepo.

Kenako omuikira chikole. Anthu amawatcha mboni za belo, ngakhale saikira umboni pa mlanduwo. Ndi anthu amene amasayina kuti woimbidwa mlandu akathawa, iwo adzalipira ndalama imene khoti latchula. Kawirikawiri ndalama yawoyo salipiriratu. Imangolembedwa, ndipo imafunidwa munthu akasowa. Majisitireti amawafunsa yekha: ndinu ndani wake, mumakhala kuti, mumagwira ntchito yanji, muli ndi chiyani, mukumvetsa kuti akathawa mudzataya chiyani? Ndinaona anthu ambiri atapatsidwa belo nkubwerera kundende madzulo omwewo chifukwa omuikira chikole sanabwere, kapena abwera opanda chiphaso cha unzika. Mwana wa mlongo wanga anasankha mkazi wa mnyamatayo ndi amayi ake. Ndinamufunsa, mkazi wa mwana wakhanda amene alibe kanthu m'dzina lake adzalipira chiyani? Nanga amayi, akamva kuti mwana wawo akufuna kuthawa, adzakamuneneza kupolisi kapena adzamumangira kamba wapaulendo? Khoti limafuna munthu amene ali ndi chotaya komanso amene mnyamatayo amamuopa. Tinasintha: bambo ake aang'ono, amene ali pantchito yokhazikika kuminda ya nzimbe ku Nchalo, ndi mlongo wake wamkulu, amene ali ndi golosale pamsika ndipo amakhala khomo loyandikana nalo.

Titakonza zonsezi kwa masiku awiri, anaimirira pakhonde, ine nditakhala pampando wa ndalema. Kukhoti lenileni akanayankhula Chingerezi womasulira nkumatembenuza, koma ndinamuumiriza kuti ayambe wazinena m'Chichewa, chifukwa mfundo imene sungathe kuifotokozera amayi a woimbidwa mlandu ndiye kuti iwenso sunaimvetse. Mawu ake anali awa:

"Olemekezeka a khoti, ndikuimira woimbidwa mlandu, ndipo ndikupempha kuti amasulidwe pa belo podikira kuzengedwa kwa mlandu wake, motsatira gawo 42(2)(e) la malamulo aakulu ndi gawo 118 la lamulo la kazengedwe ka milandu. Waukana mlandu, ndipo pamaso pa lamulo ndi wosalakwa. Monga Khoti la Suprimu linanenera pa mlandu wa Mvahe, ndi boma limene liyenera kusonyeza chifukwa chomusungira. Mnzanga woimira boma watchula zifukwa zitatu, ndipo ndiziyankha chimodzichimodzi.

"Choyamba, akuti athawira ku Mozambiki. Nzoona kuti amayi ake anabadwira ku Mutarara ndipo ali ndi amalume kumeneko. Sitikubisa. Koma iye anabadwira kuno, ali ndi chiphaso cha unzika wa Malawi, ndipo mkazi wake, mwana wake wa miyezi 8 ndi dimba lake zili kuno. Mudzi umene walembedwa m'failo unakokoloka mu 2023. Tsopano amakhala kumtunda, ndipo nayi kalata ya amfumu a kumeneko. Boma silinanene kuti anayesapo kuthawa chigwidwire, kapena kuti anapereka dzina labodza. Pa za zaka 14, chimenecho ndi chilango chapamwamba. Mlandu uwu ndi wa mbuzi ziwiri, zonse zapezeka zamoyo, palibe amene anavulazidwa, ndipo woimbidwa mlandu sanamangidwepo. Mnzanga woimira boma angatsimikize kuti apolisi alibe mbiri ina iliyonse ya iye.

"Chachiwiri, akuti kafukufuku akupitirira chifukwa munthu wina sanagwidwe. Mbuzi zili kale m'manja mwa apolisi. Mboni zitatu zalembedwa kale masitetimenti. Mwini mbuzi amakhala makilomita 9 kuchokera kwa woimbidwa mlandu, ndipo si abale. Boma silinatchule mboni imene yaopsezedwa, kapena umboni umene watsala woti ungawonongedwe. Munthu sangasungidwe m'ndende ngati chikole cha wina amene apolisi akumufunafuna.

"Chachitatu, akuti anthu a m'mudzi wa mwini mbuzi ndi okwiya ndipo angamuchite chipongwe. Lamulo limalola chifukwa chimenechi pa zochitika zapadera zokha. Woimbidwa mlandu sakhala m'mudzi umenewo, ndipo ndi wokonzeka kulamulidwa kuti asapondeko mpaka mlandu utatha.

"Olemekezeka, mnyamatayu amadya za tsiku lomwelo. Tsiku lililonse ali m'ndende ndi tsiku limene banja lake silikupeza kanthu. Tikupempha belo pa mfundo izi: alipire K30,000; abale awiri, amene ali panja pompano ndi ziphaso zawo, amuikire chikole cha K100,000 aliyense chosalipiriratu; azikaonekera kupolisi ya Ngabu kamodzi pa sabata ziwiri zilizonse; asatuluke m'boma la Chikwawa popanda chilolezo cha mkulu wa polisiyo; asayankhule ndi mboni za boma; ndipo azifika kukhoti tsiku lililonse loitanidwa. Ndi zokhazi, olemekezeka."

Mawuwa sanafike ndi mphindi 5 zomwe. Iye anada nkhawa kuti aphunzitsi adzati wasiya nthawi. Ndinamuuza kuti zotsalazo ndi za mafunso, chifukwa majisitireti amene ali ndi milandu yambiri tsiku limenelo sadikira kuti umalize nyimbo yako, amakudula pakati.

Taonani mmene mfundo ya kusamangidwapo yakhalira. Siili pachiyambi ngati mbendera. Yabwera pakati, pamene ikugwira ntchito yochepetsa mantha a zaka 14, ndipo yatsatana ndi pempho loti woimira boma atsimikize. Pempho limeneli ndi lofunika, chifukwa mawu a loya si umboni. Iye amangonena zimene wauzidwa. Ukamufunsa munthu m'chitokosi kuti "unamangidwapo?" ena amayankha ayi chifukwa anangolipira chindapusa osalowa m'ndende, kapena chifukwa zinachitikira boma lina. Funsa katatu mosiyanasiyana: unaimapo pamaso pa khoti lililonse, unagonapo kupolisi, uli ndi belo ina imene ikuyenda? Palibe manyazi oposa a loya amene wangonena kuti munthu wake alibe mbiri, woimira boma nkusolola pepala.

Taonaninso kuti za kuvutika kwa banja zatenga ziganizo ziwiri zokha. Lamulo la 2000 limauza khoti kuti liyeze zofuna za chilungamo ndi mavuto amene munthu angakumane nawo akasungidwa, monga nthawi imene wakhala kale m'ndende, nthawi imene adikire mlandu usanazengedwe, thanzi lake ndi kuvutika kwake pokonzekera kudziteteza. Choncho za banja zili ndi malo ake. Koma pafupifupi aliyense amene amaima m'bokosi lija ali ndi ana ndipo ndi wosauka. Majisitireti wazimva kambirimbiri. Zimalemera pokhapokha mantha a boma atayankhidwa kale.

Chimene ndimachikonda kwambiri m'mawuwa ndi mfundo za belo zimene loya wazitchula yekha. Mfundo iliyonse ndi mankhwala a mantha ena: kuonekera kupolisi ndi chikole nza kuthawa, kusayankhula ndi mboni nkwa umboni, kusaponda m'mudzi muja nkwa bata. Ukazitchula wekha umapatsa khoti njira yapakati, ndipo umasankha zimene munthu wako angakwanitse. Poyamba iye analemba kuti mnyamatayo azikaonekera kupolisi katatu pa sabata, poganiza kuti kuchulukitsa kukondweretsa khoti. Ndinamukumbutsa kuti mudzi wake uli makilomita 12 kuchokera papolisi, njinga yake ili m'manja mwa apolisi ngati umboni, ndipo dzinja likafika mitsinje ya kuno imadzaza mwadzidzidzi ngakhale mvula yagwa kumapiri kokha. Akaphonya kawiri, boma lidzapempha kuti belo ithetsedwe, ndipo ulendo wachiwiri adzakhala ndi mbiri yoipa imene analibe. Ndalama nayonso chimodzimodzi. Belo ya K300,000 kwa wa shapa ndi kumukaniza belo mwaulemu, ndipo loya ayenera kunena pomwepo kuti gawo 118 limaletsa ndalama yopyola muyezo, nkutchula zimene munthuyo amapeza patsiku.

Ndiye ndinavala nkhope ya majisitireti ndi kumufunsa. "Mayi loya, mwati asatuluke m'boma la Chikwawa. Nanga dimba lija lili kuti?" Anayang'ana papepala, nkuseka yekha. M'nkhani imene anapeka, dimbalo linali kumunsi, mbali ya Nsanje. Akanamumangira munthu wake lamulo loti aliphwanye tsiku loyamba kupita kukathirira. Anasintha kuti likhale maboma awiri a Chikwawa ndi Nsanje, koma apo ndinamufunsanso ngati sakumuyandikizitsa kumalire kumene boma likuopa. Anaganiza, nati atchule dera la dimbalo lokha ngati malo ololedwa. Yankho limenelo ndinalilandira.

Funso lachiwiri linali lolemera. "Anthu akamupha usiku womwe ndamutulutsa, magazi ake adzakhala pa yani?" Ili si funso lamasewera. Kuno anthu oganiziridwa kuba ziweto amamenyedwa, ena kuphedwa, apolisi asanafike, ndipo anthu ambiri amaona belo ngati kuti wakuba wagula mlandu. Mwana wa mlongo wanga anayankha za m'buku, kuti ndi udindo wa apolisi kuteteza nzika, osati kutsekera amene akuopsezedwa. Palamulo ananena zoona. Koma majisitireti amene amakhala m'dera lomwelo sagona tulo ndi yankho limenelo. Yankho logwira mtima ndi la malo: akakhala kwa bambo ake aang'ono ku Nchalo mpaka mlandu utatha, azikaonekera kupolisi ya kumeneko, ndipo bambo aang'onowo ali panja kuti avomere pakamwa pawo. Loya wabwino amabwera ndi malo achiwiri m'thumba, atagwirizana kale ndi banja. Sangawapeke ataimirira.

Funso lachitatu silinamuvute. Ndinati, "Boma likupempha masiku 7 okha kuti limalize kufufuza, vuto nchiyani?" Anati boma linene chimene lichite m'masiku amenewo chimene silingachitike mnyamatayo ali kunja, ndipo ngati khoti lingalole, lilembe tsiku lenileni lobwerera ndi kulamula kuti pempho la belo lidzamvedwe tsiku lomwelo. Anakumbutsanso kuti kuyambira pamene lamulo la kazengedwe ka milandu linakonzedwa mu 2010, munthu wa mlandu wozengedwa ndi majisitireti sayenera kusungidwa kupitirira masiku 30 mlandu usanayambe, pokhapokha boma litapempha khoti kuti liwonjezere. Malire enanso ndi a maola 48 oti womangidwa afikitsidwe kukhoti, kapena tsiku loyamba la khoti ngati maolawo athera kunja kwa nthawi ya khoti kapena pa tsiku losagwira ntchito. Pa mlandu wathu apolisi anamugwira Lachiwiri m'bandakucha, kotero maola 48 anatha Lachinayi khoti lisanatsegule, ndipo anamubweretsa m'mawa womwewo. Panalibe chodandaula, ndipo anachita bwino kusachitchula. Ophunzira ena amaponya gawo lililonse limene analoweza, ngakhale losakhudza mlanduwo, ndipo khoti limayamba kukayika ngati awerenga failo.

Belo ikakanidwa si mapeto. Loya apemphe kuti zifukwa zilembedwe, chifukwa ndi zimene adzapite nazo ku Khoti Lalikulu ku Blantyre, limene lili ndi mphamvu yopereka belo imene majisitireti wakana kapena kuchepetsa ndalama yake. Kumeneko pempho limalembedwa, ndi chikalata cholumbirira, osati pakamwa pokha ngati kwa majisitireti. Angathenso kubwerera kwa majisitireti yemweyo zinthu zikasintha, monga munthu wothawa uja akagwidwa kapena mboni zazikulu zikamaliza kupereka umboni. Kubwereza mawu omwewo popanda chatsopano nkutaya nthawi.

Monga majisitireti wa pakhonde ndinapereka belo, koma osati mmene anapemphera. Ndinakweza ndalama kufika K50,000, ndinalamula kuti akakhale ku Nchalo, ndi kuti aziwonekera kupolisi sabata iliyonse mwezi woyamba. Anafuna kutsutsa za ndalamayo. Ndinamufunsa ngati anafunsa banja kuti lingasonkhe zingati pofika madzulo. Anati sanaganizeko, popeza banjalo ndi lopeka. Ndinamuuza alembe nambalayo m'mphepete mwa pepala lake, pafupi ndi mayina a omuikira chikole, chifukwa amene adzakhale majisitireti kusukulu kwawo akhoza kufunsa zomwezo. Analemba K45,000, nafufuta mzere wa K30,000 kuti aganizirenso poyambira. Kenako anapita kukathandiza amayi ake kupeta mapira, akubwereza chapansipansi ndime ya Mutarara ija.